Butchala ya ku Eliya 25: lizi ya chaka chimodzi, matailosi a zaka zitatu

Uthenga wa mayi wina unandipeza usiku, ndipo unali waufupi. Analemba kuti: "Achimwene, ndapeza shopu ku Eliya 25, ndikufuna kutsegula butchala. A landilodi akuti ndilipire mawa chifukwa pali enanso akuyifuna. Ndiye ndimati ndifunse, chaka chimodzi akundipatsachi n'chokwanira? Nanga ndikaika matailosi ndi masinki zidzakhala za ndani? Za laisensi amayendetsa ndani, ine kapena iwowo?"

Ntchito yanga ndi yoyang'anira nyumba za lendi mu Lilongwe ndi kuthandiza anthu pa mapangano a malo ochitira malonda. Si ine loya. Zikafika polemba chikalata chomaliza ndimatumiza kwa loya. Nyumba imene ankanenayi sinali m'manja mwanga, choncho pa nkhani yonseyi ndinkaimira mayiwa okha. Ndinawayankha kuti asalipire kanthu mawalo, ngakhale ya "kugwirira malo", tikumane kaye pa shopupo.

Mayiwa anali atagulitsa nkhuku zokonzakonza ndi nyama ya mbuzi kunyumba kwawo kwa zaka zinayi, ndi mafuliji awiri pakhonde. Makasitomala anali nawo, ndalama yoyambira analinso nayo, ina yosunga okha, ina yochokera kwa mlongo wawo wa ku Joni. Shopu yake inali chipinda chapakati pa mdadada wa mashopu atatu, mamita 6 m'lifupi ndi 7 m'litali, pansi pa simenti yosalala, makoma a pulasitala, denga lopanda silin'i, soketi ziwiri zokha. Kale munali wogulitsa zovala za kaunjika. Mpopi unali umodzi panja, ndipo kuseri kunali chimbudzi chogwiritsa ntchito mashopu onse atatu, chitseko chake chomangidwa ndi waya.

Mwini nyumba, bambo wachikulire wopuma pa ntchito, anali atalemba zofuna zake pa pepala limodzi. Lendi K450,000 pa mwezi, kulipira miyezi itatu pakamodzi, dipoziti ya mwezi umodzi. Lizi ya chaka chimodzi, "yotheka kuwonjezera tikagwirizana". Chilichonse chokonzedwa m'nyumbamo chikhala cha mwini nyumba. Za khonsolo ndi za tenanti. Papepalapo panalibe chachilendo. Mashopu ambiri m'makwalalamu amabwerekedwa motero, ndipo kwa wogulitsa kaunjika, amene katundu wake yense amakwana m'mabelo asanu, pepala lotere silivuta. Kwa butchala ndi msampha, ngakhale bambowo sanautchere dala.

Mayiwa anafunsa mafunso atatu, kuyambira zaka, kenako zokonza, laisensi pomaliza. Ine ndinawayankha mobwerera chambuyo, chifukwa ndimo amagwirizanirana. A zaumoyo a khonsolo ndi amene amanena zofunika kukonza. Zokonzazo ndi zimene zimanena ndalama yokwiriridwa m'nyumba ya mwini. Ndalamayo ndiyo imanena kuti lizi italike bwanji.

Laisensi

Lamulo la ziphaso za malonda la 2012 limafuna kuti wochita malonda akhale ndi laisensi, ndipo kwa Mmalawi wogulitsa pa shopu mumzinda, imaperekedwa ndi khonsolo. Imalembedwa dzina la mwini bizinesi, mtundu wa malonda ndi malo ake, imatha chaka ndi chaka, ndipo imayenera kupachikidwa poonekera. Pamenepa a landilodi sananame: kuitenga ndi kuilipira ndi udindo wa tenanti. Izi zisanachitike mayiwa anayenera kulembetsa dzina la bizinesi ku ofesi ya mlembi wamkulu wa boma ndi kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, zomwe anali atachita kale. Sikelo yawo inafunikanso kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a bungwe loona miyezo la MBS. Zonsezi sizikhudza mwini nyumba.

Koma malonda a zakudya sapatsidwa chilolezo pongolipira pa kauntala. Woyendera wa zaumoyo amabwera kudzaona malowo, ndipo amaona nyumba yonse, osati mbali ya tenanti yokha. N'chifukwa chake ndinapempha mayiwa apite ku nthambi ya zaumoyo ya khonsolo akapemphe kuti wina adzaone chipindacho chisanakonzedwe. Ambiri sachita izi. Amakonza kaye monga aonera kwa anzawo, woyendera n'kubwera pamapeto, kenako n'kuyamba kugumula.

Woyenderayo anabwera patapita masiku anayi, ndipo sanathe mphindi makumi awiri. Anati pansi ndi makoma zikhale zotsukika, kutanthauza matailosi, pakhale sinki yotsukira zipangizo ndi ina yapadera yosambira m'manja, madzi otsukira pansi akhale ndi kolowera, asamatayidwe pabwalo, denga litsekedwe, mawindo akhale ndi waya wotchinga ntchentche, ogwira nyama akhale ndi zikalata zakuchipatala, nyama izichokera kophera kovomerezeka, yodindidwa. Kenako anazungulira kuseri, anamasula waya uja pachitseko, anasuzumira, n'kubwezanso wayayo. "Ichi chikhale chikugwira ntchito, ndi madzi omwe. Apo ayi sindisayina."

Chimbudzicho sichinali mbali ya shopu imene mayiwa amabwereka. Analibe ufulu wochigumula kapena kukumba dzenje latsopano pabwalo la mwini. Ndiye kuti laisensi "ya tenanti" ija inali itapachikika pa chinthu chimene mwini nyumba yekha angakonze. Apa ndi pamene mawu oti "za khonsolo ndi zanu" amaperewera, ndipo ndinawagawa pawiri. Za munthu ndi malonda ake ndi za mayi. Za nyumba ndi poloti ndi za bambo: chimbudzi, ngalande ya panja, msonkho wa nyumba wa kukhonsolo, komanso umboni woti polotiyo ndi yololedwa kuchitirapo malonda.

Chomalizachi ndinachifufuza ndekha. M'madera ngati amenewa muli mapoloti ambiri a nyumba zogona amene eni ake anangomanga mashopu kutsogolo, osapempha chilolezo chosintha ntchito ya malo monga lamulo la mapulani a malo la 2016 likufunira. Bamboyu anatulutsa pulani yodindidwa, yosonyeza mashopu atatu. Pamenepo tinadutsa msanga. Msonkho wa nyumba anali ndi ngongole ya miyezi ingapo. Makhonsolo amatseka nyumba chifukwa cha ngongole zotere, ndipo loko wawo safunsa kuti mufuliji muli nyama ya ndani, choncho tinalemba kuti mayi akaona chenjezo la khonsolo ali ndi ufulu wokalipira okha n'kudula pa lendi.

Zokonza

Ndi mndandanda wa woyendera uja m'manja, tinaitana mmisiri wa zomanga, wa mipope ndi wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA. Mitengo yawo inatuluka motere: matailosi pansi ndi m'makoma K2,600,000, kulowetsa madzi, mipope ya masinki awiri, ngalande ya pansi ndi sokawe K1,500,000, mawaya atsopano ndi mita yawoyawo ya magetsi K1,900,000, silin'i, zitsulo za m'mawindo, waya wa ntchentche ndi penti K1,200,000. Zonse pamodzi K7,200,000, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene munthu anganyamule posamuka. Tailosi ukaimatula imasweka, sokawe ndi dzenje.

Mayiwa ankafunanso chipinda choziziritsira nyama. Makina amene anaona amafuna magetsi a mafezi atatu, pomwe mdadadawo unali ndi fezi imodzi. Kupempha ena ku Esikomu kukanafuna siginecha ya mwini nyumba, ndalama ina, ndi kudikira kosadziwika mapeto ake lendi ikuyenda. Ndinawalangiza kuti ayambe ndi mafuliji akuluakulu anayi ndi macheka odulira mafupa oyendera fezi imodzi. Sanasangalale. Koma mafuliji amakwera lole.

Kusiyana kwa zonyamulika ndi zotsala ndiwo mtima wa funso lawo lachiwiri. Malamulo athu pa nkhaniyi anachokera ku Mangalande, amene dziko lino linawalandira mu 1902, ndipo mfundo yake ndi yoti chomatidwa ku nyumba chimasanduka mbali ya nyumbayo. Tenanti amaloledwa kuchotsa zimene anamangirira chifukwa cha malonda ake, malinga azichotse lizi isanathe ndipo akonze pamene paonongeka. Koma pangano lolembedwa likhoza kuchotsa ufulu umenewu, ndipo mawu a bambo aja oti "chilichonse chokonzedwa" anali otakata moti tsiku la mkangano akanatha kuloza ngakhale macheka omangidwa pansi ndi mabawuti.

Sitinakangane za tanthauzo la mawu. Tinangolemba mindandanda iwiri n'kuiphatikiza ku pangano. Woyamba wa zotsala: matailosi, silin'i, mipope, sokawe, mawaya, zitsulo za m'mawindo. Wachiwiri wa zotuluka ndi mayi: mafuliji, macheka, sikelo, jenereta, chikwangwani, mbedza zopachikira nyama ndi njanji yake, masinki achitsulo, kauntala. Pa kauntala tinachedwapo. Mmisiri ankafuna kumanga ya njerwa n'kuikuta ndi matailosi, yotchipa ndi yooneka bwino. Ndinati ayi, awotcheretse yachitsulo yoima payokha. Inakwera mtengo pang'ono, koma inachoka pa mndandanda wa bambo n'kupita pa wa mayi.

Panali zina ziwiri zimene anthu amaiwala. Choyamba, chilolezo chokonza chikhale cholembedwa, chotchula ntchito iliyonse, ndi chojambula cha pamene khoma libooledwe. Chilolezo cha pakamwa chimafa ndi amene anachipereka, ndipo bambowa ana awo ndi akuluakulu kale, ena ndi maganizo awo pa mdadadawo. Chachiwiri, mapangano ambiri amati tenanti abweze nyumba monga anaipezera. Ukaphatikiza mawu amenewa ndi aja oti zokonza ndi za mwini, landilodi amatha kusankha pa tsiku lotuluka: akafuna asunge matailosi ulere, akafuna akuuze uwagumule ndi ndalama zako, kapena agwire dipoziti. Tinalemba kuti zonse za pa mndandanda woyamba mayi sadzakakamizidwa kuzichotsa. Tsiku lolandira makiyi ndinajambula chipinda chonse, mng'alu wa pakona ya kumadzulo ndi nambala za pa mita zomwe, onse awiri n'kusayina pa zithunzizo.

Zaka

Apa ndinangotenga cholembera. K7,200,000 ija ndi lendi ndithu, kungoti yolipiriratu. Ukaigawa pa miyezi 12 ndi K600,000 pa mwezi, ndiye kuti pa lizi ya chaka chimodzi shopu ya K450,000 ikudya K1,050,000 mwezi uliwonse. Pa miyezi 36 ndi K200,000, zonse pamodzi K650,000. Pa miyezi 60 ndi K120,000, zonse pamodzi K570,000. Mayiwa, poona mabuku awo a kunyumba ndi nyama imene amayembekezera kugulitsa, anati malo sayenera kupitirira K700,000 pa mwezi. Chaka chimodzi chinagwa pomwepo, ziwirinso chimodzimodzi, chifukwa zimatuluka K750,000.

Iwo anati, "Komatu akuti tikhoza kuwonjezera."

Ndinawafunsa kuti tsiku lokambirana zowonjezeralo, adzakhale ndi mphamvu ndani. Bambo adzakhala ndi butchala yokonzeka kale, yoti munthu wina aliyense akhoza kulowa mawa lake n'kulipira lendi yokwera. Mayi adzakhala ndi mafuliji anayi odzaza ndi makasitomala ozolowera khomo limenelo. "Tikagwirizana" sakakamiza munthu kanthu. Lizi ya shopu ikatha yatha. Wochita malonda alibe ufulu wongopitiriza pokhapokha utalembedwa. Akapitiriza kukhalamo mwini nyumba n'kumalandira lendi, amasanduka tenanti wongoyendera nyengo ya malipiro, wotulutsidwa ndi notisi yaifupi.

Ndinkafuna zaka zitatu, kuphatikiza ufulu wa mayi wowonjezera ziwiri iwo akafuna. Apa ndi pamene nkhani inakhota. Pa malo olembedwa m'kaundula wa boma, lizi yopitirira zaka zitatu iyenera kulembedwa pa fomu yake ndi kulowetsedwa m'kaundulamo. Ndipo lamulo limawerengera ufulu wowonjezera uja: zitatu ndi ziwiri ndi zisanu, ngakhale mayi atadzasankha kusawonjezera. Lizi yosapitirira zaka zitatu siifuna zonsezi, ndipo nyumba ikagulitsidwa wogulayo amaitenga ndi tenanti wake yemwe, ngakhale liziyo sioneka m'kaundula.

Ndinapita ku ofesi ya za malo kukafufuza poloti ija, zomwe ndimachita pa lizi iliyonse imene tenanti akuikapo ndalama yoposa lendi ya chaka. Dzina linali la bambo yemweyo, malo a lizi ya boma ya zaka 99, zotsala zambiri. Koma panali chikole cha banki ina. Izi bambo sanatiuze, ndipo sindikhulupirira kuti anabisa. Kwa iwo ngongole yawo sinali nkhani ya tenanti. Pa malo a chikole, lizi silembedwa m'kaundula popanda chilolezo cholembedwa cha banki. Atamva zoti pafunika banki, loya, fomu, msonkho wa sitampa ndi dzina la munthu wina kulowa pa kaundula wa poloti yawo, anakana kwamtuwagalu.

"Mwana wanga, nyumba ndi yanga. Mayiwa akufuna shopu kapena akufuna poloti?"

Sindinawakakamize. Anthu a msinkhu wawo anaona mapoloti akupita chifukwa cha mapepala amene sanawamvetse, ndipo mantha awo si opusa. Ndinabwerera kwa mayi ndi njira ziwiri: kusiya shopuyi, kapena kutenga zaka zitatu zenizeni, zopanda ufulu wowonjezera, zomwe masamu athu anati zikukwana ngakhale mothina. Anasankha zitatu. Tinawonjezera mawu oti pofika mwezi wa 30 bambo adzanena mwa kalata ngati akufuna kupitiriza ndi pa mtengo wanji, kuti mayi akhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yofunira malo ena. Ameneyu si ufulu wowonjezera, ndipo ndinawauza mayi momveka kuti asadzautenge ngati ufulu. Ndi chenjezo chabe.

Za banki sindinazisiye. Chikole chinalembedwa mayi asanabwere, ndipo mapangano a ngongole nthawi zambiri amaletsa kubwereketsa malo banki isanavomere. Ngongole ikanakanika, sindinkafuna mayi adzakhale akutsutsana ndi banki pa nkhani yoti liziyo ikuwamanga kapena ayi. Kalata wamba yovomera inali yosavuta kuposa kaundula, ndipo bambo atamvetsa kuti lendi yokhazikika ya zaka zitatu ndi nkhani yabwino kwa wowakongoza, anakaitenga okha. Inatenga masabata awiri. "Ena ofuna shopu" aja sanaonekenso.

Zaka zitatu zinabweretsa funso la bambo, ndipo linali lomveka. Anakumbutsa za Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, lendi zawo n'kusanduka ndalama ya ndiwo. Ankafuna lendi imangidwe ku dola. Ndinawauza kuti malamulo a ndalama zakunja salola kutchaja malonda a m'dziko muno mu ndalama yakunja, komanso mayi amagulitsa nyama mu kwacha. Tinagwirizana zokweza ndi 20 pa 100 chaka chilichonse, manambala ake olembedweratu: K450,000, kenako K540,000, kenako K648,000. Chaka chachiwiri chomwe chikupitirira kale malire a K700,000 aja ukaphatikiza zokonza, koma mtengo wa nyama nawo sukhala pamodzi, ndipo kudziwiratu nambala kunali kofunika kwa mayi kuposa kupambana pa mkangano wa maperesenti. Tinalembanso kuti ndalamazi ndi za msonkho usanadulidwe, kuti a MRA akadzafuna mayi azidula msonkho pa lendi n'kupereka chikalata chake kwa bambo, pasadzakhale zoti "ine ndimafuna yonse m'manja".

Chomaliza pa zaka chinali notisi. Pepala la bambo linkalola aliyense kuthetsa pangano ndi notisi ya miyezi itatu. Mawu amenewa akanatsala, lizi ya zaka zitatu ikanakhala ya miyezi itatu yovala jekete. Bambo anakana kuwachotseratu, akuti mwina angadzafune kugulitsa. Tinawasiya, koma ndi mtengo: akathetsa pangano mayi asanalakwe kanthu, abweza K200,000 pa mwezi uliwonse wotsala, ija tinapeza pogawa zokonza. Akawatulutsa patatha chaka, abweza K4,800,000. Bambo anawerenga nambalayo kawiri, anaseka, n'kunena kuti ndiye kuti sakugulitsa.

Pamene ndinaphonya

Loya analemba zonse bwinobwino monga ndinamupatsira. Cholakwika chinali m'zimene ndinamupatsa.

Tinagwirizana kuti mayi akhala masabata asanu ndi limodzi osalipira lendi, kuyambira tsiku la makiyi, kuti akonze. Bambo nawo analonjeza kukonza chimbudzi "m'nthawi yomweyo". Ndinaikaponso mawu amene ndinkanyadira: laisensi ikakanika mkati mwa masiku 60 chifukwa cha vuto la nyumba, mayi akhoza kutuluka n'kubwezeredwa lendi ndi dipoziti.

Amisiri a mayi anamaliza m'masabata asanu. Kuseri kunalibe chochitika. Bambo ankadikira lendi ya mashopu ena awiri kuti agule simenti, kenako mmisiri wawo atafukula anapeza kuti thanki ya pansi inagumukira mkati, yofunika kumanga ina. Sabata yachisanu ndi chiwiri lendi inayamba kuwerengedwa, poti ndinaimanga ku tsiku la pa kalendala osati ku kutha kwa chimbudzi. Ndinapita pa shopupo sabata yachisanu ndi chitatu. Matailosi oyera mbee, mafuliji anayi ali m'mapulasitiki awo, anyamata awiri olembedwa kale ntchito atakhala pa khonde akusewera bawo pa foni, zikalata zawo zakuchipatala zili m'kabati. Mayi anandilandira mwaulemu wambiri, ndipo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Tsiku la 60 litakwana, ufulu wotuluka uja unafika. Unalibe ntchito. Ndani angatuluke kuti abwezeredwe lendi ndi dipoziti, n'kusiya K7,200,000 itamatidwa m'makoma? Ndinalemba khomo lothawira loti limatseguka munthu atamangidwa kale miyendo. Woyendera sasayina zokonza zisanathe, choncho pa malonda otere ndalama ya tenanti imalowa pansi laisensi isanatuluke, ndipo chitetezo chenicheni chimayenera kukhala pa ndondomeko ya ntchito: mwini nyumba amalize mbali yake tailosi yoyamba isanamatidwe, kapena lendi isayambe mpaka atamaliza, kapena tenanti aloledwe kukonza yekha n'kudula pa lendi. Njira yachitatuyi ndinali nditailemba pa msonkho wa nyumba, ndime ziwiri pamwamba pake. Pa chimbudzi sindinaiganize.

Mayi anafuna kutsegula choncho, laisensi izibwera pambuyo, monga ambiri amachitira. Ndinawaletsa. Butchala yatsopano sibisika, ndipo woyendera amene anati sasayina akadzapeza nyama ikugulitsidwa, ubale umene mayi adzaufune chaka chilichonse pokonzanso laisensi ukanayamba ndi kutsekeredwa. Komanso pangano lathu lomwe linkati tenanti azichita malonda motsata malamulo a khonsolo. Kutsegula popanda chiphaso kukanapatsa bambo chifukwa chonenera kuti mayi ndiwo alakwa, ndipo K200,000 ya pa mwezi ija ikanagwa.

Chimbudzi chinatha sabata ya khumi, woyendera anabwera yotsatira, shopu inatsegulidwa sabata ya 12. Mayi analipira lendi ya pafupifupi mwezi ndi theka, K675,000, osagulitsa ngakhale kilo imodzi, kuphatikiza malipiro a anyamata aja. Ndinapita kwa bambo kukapempha, poti pa pepala ndinalibe chogwira cholimba: "m'nthawi yomweyo" ndi mawu oti loya akhoza kuwakokera uku ndi uku kwa chaka, ndipo kukokerana ku khoti ndi landilodi m'mwezi wachitatu wa lizi ya zaka zitatu si nzeru. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwawo, anandifotokozera za thanki ija ndi mtengo wa simenti kwa nthawi yaitali, kenako anavomera kudula K225,000 pa lendi yotsatira. Ine ndinachotsa theka la malipiro anga. Yotsalayo inagwera mayi.

Laisensi ili pakhoma pamwamba pa sikelo, mu felemu ya galasi. M'buku langa ndalemba masiku awiri a shopu imeneyi: mwezi wokonzanso laisensi, kuti ndikayang'ane chimbudzi woyendera asanafike, ndi mwezi wa 30, wokatenga kalata kwa bambo.